Mchere ndi viniga m'madzi: mzere woongoka ndi mzere wokhota

Munthu atasungunula magalamu 5.8 a mchere wa m'ndiwo m'lita imodzi ya madzi oyera, kenako n'kusungunula magalamu 6 a asidi wa mu viniga m'lita ina, mabotolo awiriwo angaoneke ofanana. Ngakhale chiwerengero cha tizidutswa ta mankhwala timene wathira m'botolo lililonse chimakhala chofanana. Koma akaviikamo kachipangizo koyezera mmene madzi akudutsitsira magetsi, kusiyana kumaonekera nthawi yomweyo. Madzi a mchere amaonetsa pafupifupi 10,700 pomwe a asidi amaonetsa pafupifupi 520 basi, pa muyezo wa mayikulosimenzi pa sentimita. Mchere waposa asidi kuwirikiza 20.

Chodabwitsa chachikulu chimabwera munthu akayamba kuthira madzi ena m'mabotolo onse awiri. Pamenepo mchere ndi asidi zimatsata njira ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kunathandiza akatswiri a sayansi a ku Ulaya kudziwa zimene zimachitika mankhwala akasungunuka.

Zimene zimanyamula magetsi

Mu waya, magetsi amayenda ndi maelekitironi. M'madzi amanyamulidwa ndi maayoni, tizidutswa ta mankhwala tokhala ndi mphamvu ya magetsi, tina ya pozitivu ndipo tina ya negetivu. Mchere ukasungunuka umagawikana kukhala maayoni a sodiyamu ndi a kulorayidi. Akaviikamo timbale tiwiri tachitsulo tolumikizidwa ku magetsi, maayoni a sodiyamu amalowera ku kambale kamodzi, a kulorayidi ku kanzake. Mankhwala alionse amene amapereka maayoni motere amatchedwa elekitirolaiti.

Pofuna kuyerekeza mankhwala awiri mwachilungamo, akatswiri sawayeza pa sikelo chabe, amawerenga mamolo. Molo imodzi ndi mulu wa tizidutswa wokhala ndi chiwerengero chimodzimodzi pa mankhwala alionse. Molo ya mchere wa m'ndiwo imalemera magalamu 58.4, ya asidi wa mu viniga magalamu 60, ndipo ya potaziyamu kulorayidi magalamu 74.6. Mabotolo awiri aja anali ndi mamolo 0.1 pa lita lililonse.

Nambala imene kachipangizo kamaonetsa imanena za madziwo monga alili, ndipo imalembedwa ndi chilembo cha Chigiriki κ. Nambalayi imatsika munthu akamathira madzi, chifukwa maayoni akuchepa m'sentimita iliyonse ya madziwo. Koma funso lofunika kwambiri ndi lina: molo imodzi ya mankhwalawo ikugwira ntchito yochuluka bwanji? Yankho limapezeka pogawa κ ndi kuchuluka kwa mankhwala m'madzimo, c. Zotsatira zake zimalembedwa ndi chilembo Λ:

Λ = 1000 κ / c

Apa κ ali m'masimenzi pa sentimita, c ali m'mamolo pa lita, ndipo Λ amatuluka mu S cm² mol⁻¹. Manambala onse a Λ m'nkhani ino ali pa muyezo umenewu, pa kutentha kwa madigiri 25.

Chitsanzo chodziwika ndi kabotolo kolembedwa 1413 kamene amagwiritsa ntchito pokonza zipangizo zoyezera madzi a m'zitsime ndi m'mijigo. M'menemo muli potaziyamu kulorayidi wa mamolo 0.01 pa lita, ndipo κ wake ndi mayikulosimenzi 1,413, kapena kuti masimenzi 0.001413 pa sentimita. Kuchulukitsa ndi 1000 n'kugawa ndi 0.01 kumapereka 141.3. Imeneyo ndiyo ntchito ya molo imodzi ya mcherewu pa kuchuluka kumeneko.

Munthu amene anamvetsera magetsi

Ntchito yoyeza manambala amenewa molondola inatheka chifukwa cha Friedrich Kohlrausch, katswiri wa fizikisi wa ku Germany amene anabadwa mu 1840 n'kumwalira mu 1910. Iye asanabwere, oyeza ankavutika ndi chinthu chimodzi. Magetsi oyenda mbali imodzi akadutsa m'madzi amchere, timbale tija timayamba kutulutsa mpweya kapena kukutidwa ndi mankhwala ena, ndipo nambala imayamba kusintha munthu asanamalize kuwerenga.

Kohlrausch anathetsa vutoli pogwiritsa ntchito magetsi osinthasintha mbali mofulumira, kotero kuti zimene zayamba kuunjikana pa kambale zimabwezedwa zisanakule. Timbale take tinali ta pulatinamu, ndipo pambuyo pake tinkakutidwa ndi ufa wakuda wa pulatinamu yemweyo kuti malo okhudzana ndi madzi akule. Ankayerekeza madziwo ndi mawaya odziwika bwino mmene amatchingira magetsi, ndipo telefoni itatulukira anaisandutsa chida choyezera. Ankaika cholankhuliracho kukhutu n'kumasuntha polumikizira pang'onopang'ono mpaka kulira kwake kutazilala. Pamene phokoso lazilala, mbali ziwirizo zalingana, ndipo nambala yapezeka.

Mzere woongoka wa mchere

Potaziyamu kulorayidi akamasukulutsidwa, Λ wake amakwera, koma pang'ono. Pa mamolo 0.1 pa lita ndi 129.0. Pa 0.01 ndi 141.3. Pa 0.001 ndi 146.95, ndipo pa 0.0005 ndi 147.81. Mankhwala achepetsedwa kuwirikiza 200, koma ntchito ya molo imodzi yangokwera ndi magawo osakwana 15 pa 100 alionse. Mchere wa m'ndiwo, asidi wa hayidirokuloriki ndi sodiyamu hayidirokisayidi zonse zimachita chimodzimodzi. Amenewa ndiwo maelekitirolaiti amphamvu. Amagawikana onse kukhala maayoni akangosungunuka, ndiye kuthira madzi sikubala maayoni atsopano.

Nanga n'chifukwa chiyani Λ akukwerabe? Chifukwa chake ndi chakuti maayoni amakokana. Ayoni ya pozitivu imazunguliridwa ndi maayoni a negetivu ochulukirapo pang'ono kuposa a pozitivu. Ikayamba ulendo wopita ku kambale kake, gulu loizunguliralo limatsalira m'mbuyo pang'ono n'kumaikokera kumbuyo. Komanso gululo likulowera mbali inayo, ndipo limakoka madzi kupita nawo, kotero ayoni ija imayenda motsutsana ndi madzi oyenda. Zili ngati munthu wodutsa mumsika pa tsiku la msika, anthu ambiri akubwera kuchokera kumene iye akupita: miyendo yake ndi yomweyo, koma liwiro limachepa. Madzi akachuluka, maayoni amatalikirana, kukokana kumachepa, ndipo iliyonse imayenda momasuka.

Tsono pali malire amene Λ akulowera: nambala imene ingapezeke maayoni atatalikirana kwambiri moti sakukhudzananso n'komwe. Imeneyi imalembedwa Λ₀, ndipo ndi ya madzi osukulutsidwa mopanda malire. Palibe angaiyeze mwachindunji, chifukwa pamenepo mankhwala ndi ziro ndipo palibe chodutsitsa magetsi. Iyenera kupezeka pa pepala.

Kohlrausch anapeza njira yake poyang'anitsitsa manambala ake. Akajambula Λ motsatana ndi c, pankatuluka mzere wopindika, wovuta kuuloza kumene ukuthera. Koma akajambula Λ motsatana ndi sikweya ruti ya c, yomwe ndi nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakupatsa c, madontho a madzi osukuluka ankandandalika pa mzere woongoka:

Λ = Λ₀ − K√c

Mzere woongoka ukhoza kupitirizidwa ndi rula mpaka pamene √c ndi ziro. Pamene wagunda m'mphepete mwa galafu, pamenepo ndi Λ₀.

Masamu ake si ovuta. Sikweya ruti ya 0.001 ndi 0.0316, ndipo ya 0.0005 ndi 0.0224. Pakati pa madontho awiriwa, √c wasintha ndi pafupifupi 0.0093 ndipo Λ wasintha ndi 0.86. Kugawa 0.86 ndi 0.0093 kumapereka kutsetsereka kwa mzere, K, pafupifupi 93. Kuchokera pa dontho la 0.0224 kukafika pa ziro, Λ akweranso ndi 93 kuchulukitsa ndi 0.0224, zomwe ndi pafupifupi 2.1. Kuwonjezera 2.1 pa 147.8 kumapereka 149.9, ndipo imeneyi ndiyo nambala yovomerezeka ya potaziyamu kulorayidi.

Koma rula imatha kunamiza munthu wosankha madontho olakwika. Wina atatenga madontho a 0.1 ndi 0.01, amene ndi osavuta kuyeza, angapeze kutsetsereka kwa 57 kokha, ndipo Λ₀ wake angakhale 147.0. Waphonya ndi pafupifupi 3. Cholakwika si masamu ake ayi. Lamulo la sikweya ruti limagwira bwino pa madzi osukuluka kwambiri okha, makamaka cha m'ma 0.001 kutsika m'munsi. Mankhwala akachuluka, madontho amachoka pa mzere n'kukhala pamwamba pake. Woyeza wosamala amajambula madontho asanu kapena kuposerapo, amaona pamene kupindika kwayambira, ndipo amaika rula pa madontho a kumunsi okha.

Kohlrausch anapeza lamuloli m'manambala, koma sanathe kufotokoza gwero la sikweya rutiyo. Kufotokoza kunabwera iye atamwalira. Mu 1923 Peter Debye ndi Erich Hückel anawerengera mmene gulu la maayoni ozungulira anzawo limakhalira, ndipo Lars Onsager wa ku Norway anakonza masamu awowo mu 1926 ndi 1927. Kuwerengera kwa Onsager kumalosera kutsetsereka kwa pafupifupi 95 pa potaziyamu kulorayidi, pafupi kwambiri ndi 93 amene watuluka m'madontho awiri aja.

Mzere umene sulola rula

Asidi wa mu viniga, amene akatswiri amamutcha asidi wa asetiki, ali ndi khalidwe lina. Pa mamolo 0.1 pa lita, Λ wake ndi 5.2 chabe. Pa 0.01 amafika cha pa 16. Pa 0.001 amafika cha pa 49, ndipo pa 0.0001 amapitirira 130. Kumunsiku, nthawi iliyonse asidi akasukulutsidwa kakhumi, Λ amakwera pafupifupi katatu. Pa galafu ya sikweya ruti, mzere wake umakwawa pansi mtunda wautali, kenako ukamayandikira ziro umaimirira n'kuthamangira m'mwamba, kutsata m'mphepete mwa galafu.

Mzere woterewu sungapitirizidwe ndi rula. Wina atayesa ndi madontho a 0.01 ndi 0.001 angapeze Λ₀ wa pafupifupi 64. Atayesa ndi 0.001 ndi 0.0001 angapeze woposa 170. Yankho likusintha malinga ndi madontho amene wasankha, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chakuti njirayo siyoyenera pa mankhwalawa. Nambala yeniyeni ndi 390.7.

Amene anamasulira khalidweli ndi Svante Arrhenius wa ku Sweden, m'zolemba zake za 1884 ndi 1887. Iye anati mankhwala ena sagawikana onse. Mbali yaikulu ya asidi wa asetiki imakhala m'madzi ngati mamolekyu athunthu opanda mphamvu ya magetsi, ndipo ochepa okha ndiwo amasweka kukhala maayoni. Madzi akachuluka, maayoni amene asweka savutikanso kukhala patalipatali, sakumana kawirikawiri kuti alumikizanenso, choncho gawo losweka limakula. Amenewa ndiwo maelekitirolaiti ofooka. Amoniya wosungunuka m'madzi ali m'gulu lomweli. Arrhenius analandira mphoto ya Nobel mu 1903 chifukwa cha ganizo la kugawikana kumeneku.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pa mchere, madzi owonjezera amangomasula maayoni amene alipo kale kuti ayende mofulumirirako. Pa asidi wofooka, madzi owonjezera amachulukitsa chiwerengero cha maayoni otuluka m'molo iliyonse. Kusintha koyambako ndi kochepa ndipo kumatsata mzere woongoka. Kwachiwiriko ndi kwakukulu ndipo sikutha msanga.

Wina angafunse chifukwa chake osangopitiriza kusukulutsa mpaka asidi yense atasweka. Chopinga ndi madzi enieniwo. Pa mamolo 0.00001 pa lita, asidi wosweka ndi magawo 71 okha pa 100. Kuti afike cha pa 95 pamafunika kutsika mpaka 0.000001, ndipo pamenepo asidiyo amadutsitsa mayikulosimenzi osakwana 0.4 pa sentimita. Koma madzi otchezedwa bwino akangokhala pa mpweya amayamwa kaboni dayokisayidi n'kufika pafupifupi mayikulosimenzi 1. Zimene munthu akufuna kuyeza zimamira m'zimene madziwo abwera nazo. Kohlrausch ankalidziwa bwino vutoli. Mu 1894, iye ndi Adolf Heydweiller anatcheza madzi kambirimbiri m'ziwiya zopanda mpweya mpaka anafika pafupifupi 0.04 pa madigiri 18, pafupi ndi malire a madzi oyera kotheratu. Ngakhale madzi oterowo amadutsitsabe magetsi pang'ono, chifukwa nawonso amagawikana pang'ono kukhala maayoni.

Njira yolambalala

Nanga 390.7 uja anachokera kuti? Anachokera ku lamulo lina la Kohlrausch, limene analipeza m'zaka za m'ma 1870. Poyerekeza mchere wosiyanasiyana anaona chinthu chobwerezabwereza. Pa manambala a masiku ano, Λ₀ wa potaziyamu kulorayidi ndi 149.9 ndipo wa sodiyamu kulorayidi ndi 126.5, kusiyana kwake 23.4. Wa potaziyamu nayitireti ndi 145.0 ndipo wa sodiyamu nayitireti ndi 121.6, kusiyana kwake 23.4 yemweyo. Potaziyamu amaposa sodiyamu ndi muyezo umodzimodzi, kaya mnzake ndi ndani. Tanthauzo lake n'lakuti m'madzi osukulutsidwa mopanda malire, ayoni iliyonse imayenda payokha ndipo imapereka gawo lakelake, ndipo Λ₀ ndi kuphatikiza kwa magawowo.

Zikatero, asidi wa asetiki akhoza kumangidwa pa pepala kuchokera ku maelekitirolaiti amphamvu atatu amene amalola rula. Asidiyu akasweka amapereka ayoni ya hayidirojeni ndi ya asiteti. Asidi wa hayidirokuloriki ali ndi hayidirojeni ndi kulorayidi, ndipo Λ₀ wake ndi 426.2. Sodiyamu asiteti ali ndi sodiyamu ndi asiteti, ndipo wake ndi 91.0. Kuphatikiza ziwirizi kumapereka maayoni awiri ofunikawo, kuwonjezerapo sodiyamu ndi kulorayidi amene sakufunika. Awiri osafunikawa ndiwo mchere wa m'ndiwo, choncho amachotsedwa:

Λ₀(CH₃COOH) = Λ₀(HCl) + Λ₀(CH₃COONa) − Λ₀(NaCl) = 426.2 + 91.0 − 126.5 = 390.7

Nambalayi ikuulula chinthu chosayembekezeka. Asidi amene anagonja kwa mchere kuwirikiza 20 m'mabotolo a mamolo 0.1 akanauposa katatu akanakhala kuti wasweka yense. Mwa 390.7 ameneyu, pafupifupi 350 ndi wa ayoni ya hayidirojeni yokha, pomwe sodiyamu amapereka 50 ndipo kulorayidi 76. Hayidirojeni imathamanga chotere chifukwa siyenda ulendo wonse yokha. Molekyu ya madzi imailandira mbali imodzi n'kupereka ina ya mtundu womwewo kwa molekyu yotsatira, ndipo mphamvu ya magetsiyo imadumpha kuchoka pa molekyu kupita pa ina. Kufooka kwa asidi wa asetiki sikuchokera pa ulesi wa maayoni ake. Maayoniwo ndi ochepa.

Phindu la nambala ya pa pepala

Λ₀ akadziwika, kachipangizo koyezera magetsi kamasanduka chowerengera mamolekyu osweka. Arrhenius anaonetsa kuti gawo losweka, α, limapezeka pogawa Λ woyezedwa ndi Λ₀. Pa mamolo 0.01 pa lita, kugawa 16.2 ndi 390.7 kumapereka pafupifupi 0.0415. Ndiye kuti mwa mamolekyu 100 alionse, 4 okha ndiwo asweka. Pa mamolo 0.1 ndi ocheperanso, pafupifupi 13 mwa 1,000. Viniga wa m'sitolo, amene nthawi zambiri amakhala ndi asidi wokwana magawo 5 pa 100, ali ndi mamolo pafupifupi 0.8 pa lita, ndipo mmenemo osweka safika ngakhale 1 mwa 100.

Mu 1888 Wilhelm Ostwald analumikiza gawo loswekali ndi nambala imodzi yosonyeza mphamvu ya asidi:

Kₐ = cα² / (1 − α)

Kuika 0.01 ndi 0.0415 kumapereka pafupifupi 0.000018. Kubwereza ndi manambala a pa 0.1 kapena pa 0.001 kumapereka pafupifupi chimodzimodzi. Kusasintha kumeneku ndiko umboni wakuti mankhwalawo ndi elekitirolaiti yofooka yeniyeni. Wina akayesa masamu omwewa pa potaziyamu kulorayidi, Kₐ amasintha kwambiri kuchoka pa dontho lina kupita pa lina, chifukwa kutsika kwa Λ wake sikuchokera pa kusasweka. Mu 1932 Duncan MacInnes ndi Theodore Shedlovsky, ku New York, anayezanso asidi wa asetiki mosamala kwambiri, n'kuchotsera ngakhale kukokana kwa maayoni kuja, ndipo anapeza 0.0000175.

Zimene zimasokoneza muyezo

Pali zinthu zitatu zimene zimaononga galafu kawirikawiri, ndipo chilichonse chimasiya chizindikiro chake.

Choyamba ndi kutentha. Madzi akatentha amapepuka ndipo maayoni amayenda mofulumira, kotero κ amakwera pafupifupi magawo 2 pa 100 pa digiri iliyonse. Pa potaziyamu kulorayidi, digiri imodzi imasuntha Λ ndi pafupifupi 3, pomwe kusiyana kwa madontho a 0.001 ndi 0.0005 n'kosakwana 1. Woyeza botolo lina m'mawa kukuzizira ndi lina masana dzuwa litakwera amapeza madontho obalalika osalola mzere uliwonse. N'chifukwa chake mabotolo onse amaikidwa m'beseni la madzi osungidwa pa madigiri 25.

Chachiwiri ndi madzi osungunulira. Pa mamolo 0.0005, potaziyamu kulorayidi amadutsitsa mayikulosimenzi pafupifupi 74. Madzi akabwera ndi 1 wawo ndipo woyeza n'kuiwala kumuchotsera, Λ amakwera ndi 2 mwabodza. Vutoli limakula mankhwala akamachepa, choncho mzere wa mchere umapindikira m'mwamba kumapeto kwake ngati wa asidi wofooka. Mankhwala ake ndi kuyeza madziwo paokha poyamba n'kuchotsera nambalayo pa botolo lililonse la mchere.

Chachitatu ndi chipangizo chenichenicho. Kukula kwa timbale ndi mpata wa pakati pake sizingayezedwe molondola ndi rula, ndiye chipangizo chimayamba chayesedwa m'madzi a potaziyamu kulorayidi odziwika kale. Chikakonzedwa molakwika, kapena kathovu ka mpweya kakamatirira pa kambale, madontho onse amasunthira mbali imodzi. Mzere umaonekabe woongoka bwino, koma umagunda pamalo olakwika.

Wophunzira amene wapatsidwa manambala a Λ ndi c ayambe wajambula galafu ya sikweya ruti asanagwire rula. Madontho a kumunsi akandandalika pa mzere wotsetsereka pang'ono, apitirize mzerewo mpaka pa ziro. Akaona mzere ukukwawa pansi kenako n'kuimirira, aike rula pambali, apeze Λ₀ pophatikiza magawo a maayoni ake.